"Tandilemberako Kenakake": Chithunzi cha Malonda Chikafika Chopanda Mawu

Pafupifupi m'banja lililonse mumakhala munthu mmodzi amene abale amati ndiye amatha kulemba. Kale ntchito yake inali kulembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi uthenga wa maliro wokaulutsa pa wailesi. Masiku ano foni yake imangolandira zithunzi: nsapato za kaunjika zitayalidwa pamkeka, keke ya ukwati, thumba la mpunga wa Kilombero, nkhuku zoyera zili m'khola. Pansi pa chithunzicho pamakhala mawu awiri okha: "Tandilemberako kenakake."

Wolandira uthengawu kawirikawiri amachita manyazi kufunsa, makamaka ngati wotumizayo ndi wamkulu kwa iye. Amayang'ana chithunzi, n'kulemba zimene aliyense amalemba: katundu wabwino, wotsika mtengo, fulumirani asanathe. Wotumiza amathokoza, amaika mawuwo pamene amafuna kuika, ndipo tsiku limatha osagulitsa kanthu. Kenako onse awiri amagwirizana kuti anthu alibe ndalama. N'zoona kuti ndalama ikuvuta, koma nthawi zambiri chimene chalakwika n'choti mawu alembedwawo ndi a ntchito ina, osati imene mwini malonda amafuna.

Pansi pa chithunzi chimodzi pangalembedwe zinthu zitatu zosiyana. Pali kapushoni, mawu ochepa operekeza chithunzi kwa anthu amene akukudziwa kale. Pali mawu ofotokoza katundu, oyankha mafunso a munthu amene wayamba kale kuganiza zogula. Ndiye pali uthenga wotsatsa malonda, umene ntchito yake ndi kuimitsa munthu wosakudziwa, amene sanali kufunafuna katundu wako n'komwe. Pamsika wa Lizulu kapena wa Limbe, wogulitsa mmodzi amachita zonse zitatuzi ndi pakamwa popanda kuziganizira: kasitomala wake wakale amangomuuza kuti "tomato uja wabwera," amene wanyamula mulu m'manja amamuyankha za mtengo ndi kumene tomatoyo wachokera, ndipo wongodutsa amamuitanira mokweza. Saitanira mokweza munthu amene waima kale pabenchi pake. Pafoni wogulitsa saona amene waima patsogolo pake, ndiye wolemba ayenera kuyamba wadziwa zimenezo asanalembe liwu limodzi.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyeni titsatire chithunzi chimodzi mpaka pamapeto. Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, amene amapikula uchi kwa alimi a njuchi ku Ntchisi, n'kumauthira m'mabotolo. Wajambula mabotolo atatu ali patebulo loyalidwa chitenje, ndipo watumiza kwa mwana wa mkulu wake, mtsikana amene ali ku koleji. "Iwe, tandilemberako kenakake apa."

Zimene chithunzi sichinena

Mtsikanayo akayang'anitsitsa, zimene angathe kutsimikiza ndi zochepa. Akuona mabotolo atatu apulasitiki, zotsekera zofiira, ndi chinthu chakuderako mkati mwake. Kuti ndi uchi akudziwa chifukwa amawadziwa mayi ake aang'onowo. Mlendo akhoza kuyesa mafuta ophikira kapena juwisi wa bwemba. Kukula kwa botolo sikukuoneka, chifukwa foni ikajambula chapafupi, kabotolo kakang'ono kamadzaza chithunzi chonse. Ngakhale mtundu wa uchiwo sungadaliridwe kwenikweni: uchi womwewo ukajambulidwa pawindo masana umaoneka wofiirira mowala, ukajambulidwa usiku pa babu umaoneka wakuda. Mtengo mulibe, kumene uchi wachokera mulibe, chiwerengero cha mabotolo otsala mulibe.

Apa m'pamene olemba ambiri amalowa m'mavuto, chifukwa mipata imeneyi amaidzaza ndi zongoganiza. Chitsanzo chimodzi chikuonetsa kuopsa kwake. Mtsikanayo akamva kuti botolo ndi "la 500," akhoza kulemba magalamu 500. Koma uchi ndi wolemera kuposa madzi: lita imodzi ya uchi imalemera pafupifupi kilogalamu 1.4. Choncho botolo la mamililita 500, lomwe ndi theka la lita, limanyamula uchi wa magalamu pafupifupi 700, pamene magalamu 500 a uchi amangokwana mamililita pafupifupi 350. Akalemba magalamu 500 pa botolo la theka la lita, wawachepetsera mayiwo katundu wawo, ndipo wogula akayerekeza ndi botolo la magalamu 500 la m'sitolo adzaona ngati mayiwa akudulitsa, chikhalirecho akupereka wochuluka. Akalakwitsa mbali inayo, n'kulemba theka la lita pa botolo la magalamu 500, wogula adzati wanamizidwa, ndipo adzakhala akunena zoona. Chithunzi sichingathetse funso limeneli. Chingalithetse ndi sikelo: kuyeza botolo lodzaza, kuyeza lopanda kanthu, n'kuchotsera.

Choncho yankho loyamba la wolemba wanzeru si mawu a malonda ayi, koma mafunso. Ndipo funso loposa onse si la katundu. Ndi lakuti, "Mayi, chithunzichi mukufuna mukachiike pati?" Lotsatira ndi lakuti, "Amene akachione ndi anthu okudziwani kale kapena achilendo?" Kenako, "Akachiona mukufuna achite chiyani, angodziwa kuti wafika, kapena aitanitse lero?" Mafunso atatuwa sachedwetsa munthu, ndipo sasonyeza mwano. Mayi akayankha kuti "ndiika pa Status," ntchito ndi kapushoni. Akati "pali ena a ku ofesi akufunsa zambiri," kapena "ndikuika pa Catalog ya WhatsApp Business," kapena pa Marketplace ya Facebook, ntchito ndi kufotokoza. Akati "ndikufuna ndiponye m'gulu la anthu a m'dera lathu lino, makasitomala anga achepa," ntchito ndi kutsatsa.

Yambani ndi kufotokoza, ngakhale sanakupempheni

Ine ndimalangiza kuti pa zitatuzi wolemba ayambe ndi mawu ofotokoza katundu, ngakhale atakhala kuti apemphedwa kapushoni chabe. Chifukwa chake n'chakuti mawu ofotokoza ndiwo amakakamiza munthu kusonkhanitsa zoona zonse pamalo amodzi, ndipo zina ziwirizo zimatapa m'menemo. Ndi ntchito ya tsiku limodzi imene idzagwira miyezi, kungosintha mtengo.

Njira yake ndi yosavuta. Mtsikanayo afunse mayi ake aang'ono kuti anthu amawafunsa chiyani asanagule, ndipo amadandaula chiyani akagula. Wogulitsa aliyense mafunsowa amawadziwa pamtima chifukwa amamutopetsa. Pa uchi amakhala awa: ndi weniweni kodi, mwathiramo shuga, wachokera kuti, botolo ndi lalikulu bwanji, ndi zingati, muli kuti, mumabweretsa? Dandaulo lofala limabwera mu Juni ndi Julayi, kukazizira, pamene wogula amaimba foni mokwiya kuti uchi waundana pansi pa botolo ngati shuga, ndiye kuti munandigulitsa wachinyengo. Chikhalirecho uchi weniweni umaundana mwachibadwa, makamaka m'nyengo yozizira, ndipo ukaimikidwa m'madzi ofunda umasungunukanso. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi pasadakhale chimapulumutsa mbiri ya wogulitsa kuposa mawu khumi otamanda.

Tingoyerekeza kuti mtengo ndi K9,000 ndipo mayankho onse apezeka. Mawu ofotokoza angakhale otere:

"Uchi wa ku Ntchisi, wogulidwa kwa alimi a njuchi eniake. Botolo lapulasitiki la theka la lita, uchi wake ndi pafupifupi magalamu 700. Ndi wosefedwa, sunaphikidwe, ndipo sitinathiremo shuga kapena madzi. Mtundu wake ndi wakuderako, si wamadzimadzi. Kukazizira ukhoza kuundana. Zikatero imikani botolo m'madzi ofunda, usungunuka. Musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi. Mtengo ndi K9,000 botolo. Tili ku Area 25, Lilongwe. M'tauni timabweretsa Lachiwiri ndi Lachisanu. Kunja kwa Lilongwe timatumiza pa basi, ndalama yotumizira ndi ya wogula. Mungalipire pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pamanja."

Muona kuti mulibe mawu akuti wokoma kwambiri, wapamwamba kapena wosayerekezeka. Munthu amene akuwerenga apa wakopeka kale. Chimene akufuna n'choti asanong'oneze bondo akagula. Mawu otamanda pamalo ano amangomuchedwetsa, ndipo ena amawapatsa chikayiko. Muonenso dongosolo lake: choyamba chinthucho n'chiyani, kenako kukula kwake, mmene chilili, chenjezo, mtengo, ndipo pomaliza njira yochipezera. Ndi mmene mafunso amabwerera m'mutu mwa wogula. Za mwana wosakwana chaka sizinaikidwe pofuna kukometsa: azaumoyo amaletsa kupatsa makanda uchi chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato. Wogulitsa amene amanena chinthu chomulepheretsa kugulitsa botolo limodzi amakhulupiririka pa zina zonse zimene wanena.

Chiganizo chilichonse m'mawuwa chili ndi mwini wake, ndipo mwini wake ndi wogulitsa. "Sitinathiremo shuga" ndi umboni umene mayiwo akupereka. Mtsikanayo sayenera kuulemba chifukwa choti ukumveka bwino, koma chifukwa mayi atsimikiza. Ngati mayiwo anagula uchi kwa wopikulitsa amene samudziwa, mawu akuti "kwa alimi a njuchi eniake" achoke. Chimodzimodzi mawu akuti "wovomerezeka ndi MBS." Bungwe la MBS, loona za miyezo ya katundu, limapereka chizindikiro chake katundu akayesedwa ndipo wopanga akalandira chiphaso. Popanda chiphasocho, kulemba mawuwo ndi bodza lomwe lingathe kumuika munthu m'mavuto, ngakhale uchiwo utakhala wabwino chotani.

Pa nkhani ya mtengo pali chizolowezi chimene chafala kwambiri, chobisa mtengo n'kuuza anthu kuti afunse kumbali. Ogulitsa ali ndi chifukwa chomveka: mitengo imasintha msanga, ndipo aliyense akukumbukira mmene zinthu zinakwerera kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu safuna kukangana ndi wogula amene wasunga chithunzi cha miyezi itatu yapitayo. Koma kubisa mtengo kumathamangitsa ogula amanyazi, amene amaopa kufunsa kenako n'kulephera kugula, ndipo anthu otere ndi ambiri kuposa olimba mtima. Njira yabwino ndi kulemba mtengo pamodzi ndi nthawi yake, monga "mtengo wa mwezi uno wa Ogasiti," n'kumakumbukira kusintha pa Catalog mtengo ukasintha.

Kapushoni: kwa anthu okudziwa kale

Tsopano tinene kuti mayi ayankha kuti akungofuna kuika pa Status. Amene amaona Status ya munthu ndi anthu amene anasungirana naye nambala: abale, a kutchalitchi, a kubanki m'khonde, makasitomala akale. Ambiri a iwo akudziwa kale kuti mayiwa amagulitsa uchi. Chithunzi cha pa Status chimakhala pamaso kwa masekondi ochepa chisanadutse, ndipo pakatha maola 24 chimachoka. Munthu akuchiona ali m'minibasi kapena akudikira madzi a nsima kuti awire. Mawu aatali aja akaikidwa apa amaphimba chithunzi, amadulidwa pakati, ndipo palibe amene amawamaliza.

Kapushoni imanena chinthu chimodzi chatsopano chimene chithunzi sichingathe kunena chokha. Funso loti wolemba adzifunse ndi lakuti, n'chifukwa chiyani chithunzichi chikuikidwa lero osati dzulo? Ngati yankho ndi lakuti katundu anatha ndipo wabweranso, kapushoni yapezeka:

"Uchi wa ku Ntchisi uja wafikanso. Theka la lita, K9,000. Ulendo uno alipo mabotolo 24."

Kamawu kakuti "uja" kakugwira ntchito yaikulu, chifukwa kakulankhula ndi munthu amene anaulawa kale kapena anaumvapo. Chiwerengero cha mabotolo chikunena zimene "fulumirani asanathe" amafuna kunena, koma mokhulupirika, bola chikhale choona. Mawa mayi angathe kuika chithunzi chomwecho n'kulemba kuti atsala 9, ndipo imeneyo ndi kapushoni yatsopano yokwanira.

Cholakwika chofala pa kapushoni ndi kubwereza zimene maso akuona kale, monga "mabotolo okongola a uchi ali patebulo." Komabe dzina la katundu lisasowe. Anthu ambiri kuno kwathu amatseka kuti zithunzi zisamatsike zokha pofuna kusunga bandulo, ndiye chithunzi chikatumizidwa kwa iwo kapena m'gulu, amangoona chimbuuzi ndi mawu apansi pake. Kapushoni yongoti "Wafikanso!" siwapatsa chifukwa chowonongera bandulo yawo. Yakuti "Uchi wa ku Ntchisi wafikanso" yagwira kale ntchito ngakhale chithunzi chisanatseguke. Chinanso, mawuwo alembedwe pa chithunzi pomwepo potumiza, asakhale uthenga wapadera wotsatira pambuyo, chifukwa wina akafuna kutumizira mnzake amatenga chithunzi chokha, mawu n'kutsala.

Kutsatsa: kuimitsa munthu wosakudziwa

Uthenga wotsatsa ndiwo wovuta kwambiri pa zitatuzi, ndipo ndi umene anthu amathamangira kulemba. Kuvuta kwake n'kwakuti wowerenga sakukudziwa, sakukukhulupirira, ndipo m'gulu lomwelo muli ena asanu ogulitsa uchi amene onse akuti wawo ndi weniweni. Mawu akuti weniweni, wokoma, wotsika mtengo sakusiyanitsa ndi aliyense. Kuti uthenga ugwire, pamafunika zinthu zimene chithunzi sichingapereke ngakhale pang'ono: kudziwa munthu amene ukulankhula naye, chifukwa chimodzi choti agule kwa iwe osati kwa wina, ndi chinthu chimodzi choti achite akawerenga.

Chifukwa chimodzicho chimapezeka pofunsa chimene chimaletsa anthu kugula. Pa uchi si mtengo kwenikweni. Ndi mantha ogula shuga wophika. Pafupifupi aliyense m'tauni anagulapo kapena anamvapo za botolo la pamsewu lomwe kunyumba linakapezeka kuti ndi manyuchi a shuga. Ndiye mtsikanayo afunse, "Mayi, mungalole kuti munthu alawe kaye asanalipire?" Mayi akavomera kuyenda ndi kabotolo kolawitsa, uthenga wapeza msana wake:

"Munagulapo uchi n'kukapeza kuti ndi shuga wophika? Wathu mumayamba mwalawa musanalipire. Ndi wa ku Ntchisi, theka la lita K9,000. Lachisanu lino tikubweretsa ku Kanengo ndi ku Area 18, ndipo wogula mabotolo awiri salipira yobweretsera. Tumizani uthenga pa (nambala ya foni) lisanathe Lachinayi."

Chiganizo choyamba sichikunena za wogulitsa koma za wowerenga, ndipo chiyenera kutero chifukwa pa Facebook mawu akatalika amabisika kuseri kwa See more, moti mizere yoyambirira ndi yokhayo imene uli nayo. Zambiri za m'mawu ofotokoza zasiyidwa dala: kuundana, njira zolipirira, kutumiza pa basi. Zimenezo munthu adzazilandira akatumiza uthenga, ndipo apa m'pamene mawu ofotokoza aja, olembedwa kale, amangotumizidwa nthawi yomweyo popanda mayi kuyamba kulemba ndi chala chimodzi ali pamoto. Nambala ya foni yalembedwa chifukwa uthenga wotsatsa umayenda kutali ndi mwini wake. Ukafika m'gulu lachitatu palibe amene akudziwa kuti unachokera kwa yani. Tsiku lomaliza lilipo chifukwa munthu wosapatsidwa tsiku amati ndidzagula, ndipo sagula.

Koma taonani kuti mu uthengawu muli malonjezo awiri: kulawa, ndi kubweretsa kwaulere. Malonjezo amenewa amadya ndalama, ndipo si a wolemba. Ndi kulakwa kwakukulu kuti mtsikanayo alembe "tibweretsa kwaulere" chifukwa choti zikukoma m'khutu, mayi asanawerengere kuti njinga yamoto yopita ku Area 18 ndi kubwerera idya zingati pa phindu la mabotolo awiri. Ngati phindu la botolo ndi K2,000 ndipo ulendo ukudya K4,000, wogula mmodzi wa mabotolo awiri wamaliza phindu lonse. N'chifukwa chake uthengawu watchula tsiku limodzi ndi madera awiri oyandikana, kuti ulendo umodzi unyamule maoda angapo. Wolemba akhoza kupereka maganizo otere, koma wovomereza ndi mwini katundu.

Pali mawu ena amene ndikupempha wolemba aliyense kuti awakane, ngakhale mwini malonda atawaumirira. Ndi aja akuti uchi umachiza matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, zilonda za m'mimba, kusabereka. Amagulitsadi, n'chifukwa chake afala. Koma gawo lalikulu la uchi, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, ndi shuga wachilengedwe, ndipo wodwala matenda a shuga amene angakhulupirire uthengawo n'kumamwa uchi m'malo mwa mankhwala a kuchipatala akuika moyo wake pachiswe. Wodwalayo akhoza kukhala gogo wa mnzako. Malamulo nawonso salola: bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala, lakhala likuchenjeza anthu otsatsa zinthu ponena kuti zimachiza matenda popanda chilolezo, ndipo bungwe la CFTC, loteteza ogula, limalandira madandaulo a kutsatsa konamiza. Momwemonso zija zakuti uchi weniweni nyerere siziuyandikira. Nyerere zimadya uchi weniweni bwinobwino, ndipo wogula woyamba kupeza nyerere pa chotsekera adzabweza botolo atagwira mawu ako omwe ngati umboni.

Za chilankhulo ndingonena mwachidule. Ambiri amapempha kuti awalembere m'Chingerezi poganiza kuti malonda aoneka apamwamba. Muyeso wake ndi wosavuta: onani chilankhulo chimene makasitomala amalemba akamafunsa mtengo, ndipo lembani m'chomwecho.

Kudziwa kuti mwasankha molakwika

Mayankho a anthu amaulula msanga ngati mawu aikidwa pamalo osayenera, bola munthu awawerenge modekha m'malo mongodandaula. Ngati pansi pa chithunzi pa Marketplace padzaza mafunso akuti "zingati?", "muli kuti?", "ndi lalikulu bwanji?", ndiye kuti paikidwa kapushoni pamalo pofunika kufotokoza. Anthu amenewo anali okonzeka kugula, ndipo aliyense amene wadikira yankho kwa maola awiri wapita kwa wina. Ngati Status yaonedwa ndi anthu 150 koma palibe amene wayankha, yang'anani ngati mawu ake sanatalike moti mtengo unabisika pansi. Ngati chiwerengero cha oona Status chikutsika mlungu ndi mlungu, kawirikawiri n'chifukwa choti abale ndi anzako akuitaniridwa mokweza tsiku lililonse ngati alendo, ndipo ayamba kukubisa kuti asamakuone. M'gulu la anthu achilendo, uthenga ukangodutsa popanda ngakhale funso limodzi, mwina munaikamo kapushoni ya "uja wafikanso" kwa anthu amene sakudziwa kuti uja ndi uti.

Chizindikiro chopweteka kwambiri ndi pamene katundu akugulidwa koma akubwezedwa, kapena wogula sabweranso kachiwiri. Apo ndiye kuti uthenga wotsatsa unagwira ntchito, koma mawu ofotokoza sanafike kwa wogula asanalipire. Anayembekezera botolo lalikulu monga linaonekera pa chithunzi, kapena sanauzidwe za kuundana. Mankhwala ake si kutsatsa mwamphamvu, koma kutumiza mawu ofotokoza kwa aliyense wofunsa, ndiponso kujambulanso chithunzi botolo lili m'dzanja kapena pambali pa kapu ya tiyi kuti kukula kwake kuoneke.

Nanga wotumiza chithunzi akakhala pachangu, osayankha mafunso, n'kungoti "iwe lemba basi, ndili pamsika"? Zimachitika kawirikawiri. Pamenepo cholemba ndi kapushoni, chifukwa ndi imene imafuna zoona zochepa ndipo singavulaze munthu. Mulembe dzina la katundu ndi chimene mukuchidziwa motsimikiza, n'kusiya mipata yoonekera bwino pamene simukudziwa: "Uchi wafika. Botolo la ___, K___." Mpata ndi wabwino kuposa nambala yongopeka, chifukwa wotumizayo sangauphonye, pamene nambala yopeka akhoza kuiika osaiwerenga n'komwe. Musamutumizire zolemba zitatu nthawi imodzi kuti asankhe yekha. Munthu wotanganidwa amazikopera zonse n'kuziika pamodzi pansi pa chithunzi. Mutumizireni chimodzi, ndipo mu uthenga wina wapadera mumuuze malo ake: "Mayi, iyi ndi ya pa Status. Mukafuna ya m'gulu mundiuze kukula kwa botolo, mtengo, ndiponso ngati mungalole kuti anthu azilawa kaye. Madzulo ndikuimbirani kuti tilembe mayankho a mafunso amene amakuvutitsani aja."